Cheke Chikabwezedwa kapena Kugwiridwa ku Banki

M'dera la Mfumu Yaikulu Wimbe, kum'mawa kwa boma la Kasungu, kumene minda ya fodya imatambalala kuchokera ku Mtunthama kulowera cha ku Chamama, chaka cha ndalama sichiyenda limodzi ndi chaka cha m'mimba. Mlimi wa fodya amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, nawokera mvula ikagwa, nathyola masamba ndi kuwapachika m'zigafa m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi. Koma ndalama ya thukuta lonselo saiona kufikira msika utatsekulidwa cha mu Epulo, mabelo ake atalowa ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Pakati ponsepo antchito ake ayenera kudya, ndipo chimanga chimene adyacho chiyenera kuchokera kwa mnansi amene nkhokwe yake idakali yodzala. Pamenepa ndi pamene cheke chidapezera malo pakati pa anthu a m'midzi yathu, pakuti munthu wopanda ndalama m'manja lero, koma wokhala ndi fodya m'chigafa, amatha kulemba pepala la tsiku la m'tsogolo, nati kwa mnzake, "Tengani ichi, achimwene, fodya akagulidwa mukatape ku banki." Makolo adaneneratu kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo cheke, kufikira tsiku limene banki ya wolembayo yavomera kulipira, chimakhalabe pachala.

Tiyenera kuyamba ndi kumvetsa chimene pepalali lili. Lamulo la dziko lino loyendetsa macheke, lotchedwa Bills of Exchange Act, limene lidatengedwa ku lamulo la Angerezi la chaka cha 1882, limaona cheke ngati kalata ya lamulo imene mwini akaunti alembera banki yake, kuiuza kuti ipereke ndalama zakutizakuti kwa munthu wakutiwakuti. Banki imamvera kalatayo chifukwa cha pangano limene ili nalo ndi mwini akauntiyo, osati chifukwa cha pangano lililonse ndi inu amene mwalandira. Chotero cheke chikakanidwa, simungathe kuimba mlandu banki ya wolembayo, ngakhale mutadziwa kuti munthuyo ali ndi galimoto ziwiri ndi zigafa khumi; mlandu wanu uli ndi iye amene adasayina. Mfundo imeneyi anthu ambiri saidziwa, ndipo amataya masiku akukangana ndi kalaliki wa pawindo amene alibe mphamvu yosintha kanthu, pamene akadakhala ali pakhomo pa wangongole wawo.

Tsono tiyeni tiyerekeze nkhani imodzi, ndi kuitsata kuyambira pachiyambi. Mlimi wina wa chimanga wa kufupi ndi msika wa Wimbe wagulitsa matumba 60 kwa mwini esiteti ya fodya m'mwezi wa Febuluwale, thumba lililonse pa mtengo wa K20,000, ndipo walandira cheke cha K1,200,000 cholembedwa tsiku la 13 Meyi. Atapita nacho ku banki m'mwezi wa Epulo, poti wamva kuti msika watsekulidwa, chidzabwerera ndi mawu akuti "Post-dated", ndiko kunena kuti tsiku lake silinakwane. Ndipo banki siinalakwe, pakuti idalamulidwa kulipira pa 13 Meyi, osati lisanafike. Koma tinene kuti wadekha, ndipo pa 13 Meyi penipeni, tsiku Lachinayi, wakwera galimoto kupita ku boma la Kasungu, walemba kapepala kosungitsira, kalaliki wadinda chidindo, namubwezera lisiti. Madzulo foni yake ilira, uthenga nunena kuti K1,200,000 yalowa. Mtima wake ukhala pansi, koma ndalamayo sinakhale yake.

Chimene chachitika n'chakuti banki yake yalemba chiwerengerocho m'buku mongoyembekezera, ndipo tsopano iyenera kukatenga ndalama ku banki ya mwini esiteti. Kale pepala lenilenilo linkayenda ulendo kuchokera ku nthambi kupita kumene mabanki ankasinthana macheke, ndipo munthu wa kutali ndi mizinda ankadikira masiku ambiri. M'mwezi wa Disembala chaka cha 2014 Reserve Bank of Malawi idakhazikitsa njira yotchedwa MITASS, imene mabanki amalipirana nayo pa makina, ndipo m'malo mwa pepala chimene chimayenda ndi chithunzi chake. Ngakhale zili choncho, banki ya wolembayo iyenera kupatsidwa nthawi yoyang'ana siginecha, tsiku, chiwerengero, ndi ndalama zimene zili m'akaunti. Nthawi imeneyi amaiwerenga m'masiku ogwira ntchito okhaokha. Ngati kalaliki wanena kuti mudikire masiku atatu, mlimi wathu asawerenge Lachisanu, pakuti 14 Meyi ndi tchuthi chokumbukira Kamuzu Banda. Asawerengenso Loweruka ndi Lamulungu. Tsiku loyamba ndi Lolemba pa 17, ndipo lachitatu ndi pa 19 Meyi. Amene abwerera ku boma Lolemba m'mawa atalonjeza kale wogulitsa malata adzangotaya ndalama ya ulendo. Pa sitetimenti ya akaunti pamakhala ziwerengero ziwiri, china cha ndalama zonse zolembedwa m'buku, china cha ndalama zimene munthu angathe kutapa lero; funso loyenera kufunsa pawindo nthawi zonse ndi lachiwirili.

Kudikira kotereku si kukanidwa ayi, ndipo nkoyenera kusiyanitsa. Palinso kugwira kwa mtundu wina, kumene kumachitika masiku oyembekezera atatha kale. Chiyambire nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma imene idaululika m'chaka cha 2013, imene anthu amaitcha Kashigeti, ndipo macheke ndiwo adali khomo lalikulu lotulutsira chuma cha dziko, mabanki amachenjera kwambiri ndi cheke chachikulu. Lamulo la Financial Crimes Act la chaka cha 2017 limawakakamiza kudziwa bwino munthu amene akumusungira ndalama ndi gwero la ndalamazo. Chotero akaunti imene chaka chonse imalandira K30,000 kapena K50,000, ikalandira mwadzidzidzi ndalama yoposa miliyoni, banki itha kuimitsa kaye mpaka italankhula ndi wolemba cheke, kapena mpaka mwini akaunti atasonyeza chiphaso chake cha unzika ndi umboni wa malonda amene adachita. Akaunti imene yagona nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, monga zimakhalira ndi alimi amene amaiona banki kamodzi pachaka, imathanso kutsekedwa pakamwa kufikira mwini wake atadzaonekera yekha. Mankhwala a vuto ili ndi opepuka: kapepala kamene adalemberana pogulitsana chimanga, kosonyeza matumba, mtengo, tsiku ndi mboni, pamodzi ndi chiphaso chosatha ntchito, n'zokwanira kumasula ndalama zambiri zogwiridwa motere. Munthu apemphe kuonana ndi manijala wa nthambi, afunse chimene chikusowa, ndipo apemphe kuti amuuze tsiku limene yankho lidzatuluke.

Tibwerere kwa mlimi wathu. Pa 18 Meyi uthenga wina ufika: K1,200,000 yachotsedwanso, ndipo mwina pamwamba pake pachotsedwa kandalama ka ntchito ya banki. Cheke chabwezedwa. Chinthu choyamba chimene ayenera kuchita, asanapse mtima ndiponso asanauze mudzi wonse, ndi kupita ku nthambi kumene adasungitsa ndi kupempha zinthu ziwiri: cheke chenichenicho kapena chithunzi chake chodindidwa ndi banki, ndi chifukwa chimene banki inayo yapereka, cholembedwa. Pakuti banki siibweza cheke popanda kutchula chifukwa, ndipo m'mawu awiri kapena atatu a Chingerezi amene alembedwapo ndi mmene muli njira yonse imene munthu ayenera kutsata.

Zifukwa zina zili pa pepala lokha, ndipo sizinena kanthu za mtima kapena thumba la wolemba. Mwini esiteti akalemba m'mawu "one million two hundred thousand" koma m'manambala nalemba K1,020,000, cheke chidzabwerera ndi mawu akuti "Words and figures differ". Lamulo limati pakakhala kusiyana kotere mawu ndiwo apambana, koma mabanki kawirikawiri safuna kulota chimene munthu ankaganiza, ndipo amangobweza. Akafufuta kanthu osasayina pambali pake, chibwereranso. Siginecha ikasiyana ndi imene banki idasunga tsiku lotsekula akaunti adzalemba "Signature differs", ndipo izi zimagwera ngakhale anthu okhulupirika, makamaka achikulire amene dzanja layamba kunjenjemera, kapena amene adasayina atatsamira pa boneti ya galimoto. Makalabu a alimi ali ndi msampha wawowawo: akaunti ya kalabu kawirikawiri imafuna masiginecha awiri mwa a wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo komiti ikasinthidwa pa chisankho koma banki osauzidwa, cheke chosayinidwa ndi atsogoleri atsopano chimakanidwa ngakhale ndalama zili phwamwamwa. Chomwechonso cheke chimene chasungidwa m'sutikesi kupitirira miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa tsiku lolembedwapo chimayesedwa chakale, nachilemba "Stale". Pa zonsezi njira ndi imodzi: kubwerera kwa wolembayo mwaulemu kuti akonze ndi kusayina pokonzapo, kapena alembe china. Wolandira asayese konse kukonza yekha, ngakhale kadontho kamodzi. Pakuti kusintha cheke cha mwini popanda chilolezo chake kumachiwononga pamaso pa lamulo, ndipo kungathe kusandutsa munthu wolakwiridwa kukhala woimbidwa mlandu wa chinyengo.

Koma pa cheke cha mlimi wathu palembedwa mawu ena, amene ali ofala kuposa onse ndiponso osamveka kuposa onse: "Refer to drawer", kapena mwachidule "R/D". Tanthauzo lake ndi lakuti, kafunseni amene adalemba. Banki ili ndi udindo wosunga chinsinsi cha munthu amene imamusungira ndalama, ndipo siingakuuzeni kuti m'akaunti mwake muli zingati. Chotero imalankhula mophiphiritsa, koma nthawi zambiri chimene ikunena n'chakuti ndalama sizikukwana. Pano pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri, ndicho chakuti banki siilipira cheke mwa theka. M'akaunti mukakhala K950,000 ndipo cheke n'cha K1,200,000, siipereka zimene zilipozo ndi kusiya K250,000 ya m'tsogolo; imabweza chonse, ndipo K950,000 ija ikhoza kutengedwa mawa ndi munthu wina amene cheke chake n'chaching'ono.

Kodi mwini esitetiyo ndi wakuba? Kawirikawiri m'dziko la fodya yankho ndi lakuti iyayi, ndipo nkoyenera kuti wolandira cheke adziwe mmene ndalama ya fodya imayendera, kuti athe kuyesa mawu amene adzauzidwe. Munthu uja polemba tsiku la 13 Meyi ankawerengera kuti mabelo ake 20 oyamba adzakhala atagulidwa. Koma mabelo amatha kukhala pa mzere masiku ambiri asanatsitsidwe m'lole. Akalowa, ena amabwezedwa chifukwa fodya wanyowa, kapena magiredi asakanizidwa m'belo limodzi, kapena mwapezeka zingwe za pulasitiki ndi zinyalala zina, kapenanso ogula sanapereke mtengo woyenera. Tinene kuti mabelo 8 abwezedwa kuti akakonzedwenso, ndipo 12 okha ndiwo agulidwa. Pa ndalama ya mabelo 12 amenewo, isanafike n'komwe m'akaunti, pamayamba pachotsedwa ngongole ya feteleza ndi zipangizo ngati adalima pa kontirakiti, ndalama ya okushoni, ya bungwe la Tobacco Commission, ya bungwe la alimi, ya mayendedwe ndi msonkho. Ndipo popeza ngongole ya zipangizo imadya kwambiri malonda oyambirira, mlimi wa mabelo ambiri akhoza kupezeka ndi kandalama kochepa m'mwezi wa Meyi, chuma chake chenicheni chikubwera mu Juni ndi Julaye. Nthawi zina banki imalemba "Effects not cleared", kusonyeza kuti wolembayo ali ndi ndalama zimene nayenso akudikira kuti zitsimikizike. Amenewa ndi mawu opatsa chiyembekezo kuposa "R/D", pakuti akutanthauza kuti patapita masiku ochepa cheke chomwecho chikhoza kulipidwa.

Chimene mlimi wathu ayenera kuchita tsopano ndi kudziwitsa wolembayo msanga, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Lamulo la macheke lija limafuna kuti amene cheke chamukanikira adziwitse wolemba, ndi aliyense amene adasayina kumbuyo kwake pochipatsira, m'nthawi yoyenera. Ndipo ngakhale pali nthawi zina pamene wolemba sangathawire ku chifukwa chakuti sadauzidwe, munthu wanzeru satsegula khomo limenelo. Kuimba foni n'kwabwino, koma mawu a pafoni amauluka. Alembe kalata yaifupi yotchula nambala ya cheke, tsiku lake, ndalama zake, tsiku limene chidabwezedwa ndi chifukwa chimene banki idapereka, napereke masiku owerengeka, monga asanu ndi awiri kapena khumi ndi anayi, oti ngongole ibwezedwe. Kalatayo ikhale pawiri, ina asiye, ina asunge wolemba chekeyo atasayinapo. Ndipo popita asapite yekha, koma ndi munthu wamkulu amene mawu ake amalemekezedwa, kaya ndi nyakwawa, kaya mkulu wa mpingo, kaya amene adaima ngati mboni tsiku logulitsana.

Pa bwalo laling'ono limenelo padzamveka mawu amene ndikufuna owerenga awachenjerere koposa ena onse. Wangongole adzati, "Pepani, bambo, zidangosokonekera, bweretsani chekecho ndikakonze, mawa ndikutumizirani china." Indetu, cheke chobwezedwacho asachitulutse m'manja mwake kufikira ndalama yonse italowa, kapena kufikira china chabwino chitaikidwa m'dzanja lake nthawi yomweyo. Pepala limene banki yakana silinafe. Lasanduka umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse umene mlimiyo ali nawo, pakuti lili ndi siginecha ya wangongole, chiwerengero cha ngongole ndi chidindo cha banki chosonyeza kuti lidaperekedwa ndipo lidakanidwa. Ku khoti, munthu wosumira pa cheke sayamba ndi kuwerengetsa matumba amene adatuluka m'nkhokwe yake m'mwezi wa Febuluwale. Lamulo limayamba ndi kuganiza kuti wosayina cheke adalandirapo kanthu, ndipo udindo wotsutsa zimenezo umagwera wosayinayo. Amene wabweza pepala chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa chakuti wangongoleyo ndi mkulu wa m'dera, watsala ndi mawu ake okha otsutsana ndi mawu a mnzake.

Nanga kuchiperekanso kachiwiri ku banki? Nkotheka, makamaka banki ikalemba kuti chiperekedwenso, koma kusachitike mwachimbulimbuli. Nthawi iliyonse imene cheke chabwerera, wolembayo amalipitsidwa chindapusa ndi banki yake, chimene chimachepetsanso ndalama zimene mukuzifunazo, ndipo dzina lake limaipiraipira kufikira banki itamulanda buku la macheke. Inunso mumataya masiku ndi ndalama ya ulendo. Chiperekedwenso pokhapokha wolembayo atasonyeza pepala la malonda a ku okushoni kapena uthenga wa banki wotsimikiza kuti ndalama zalowa, ndipo chiperekedwe tsiku lomwelo. Koma m'nkhani yathuyi njira yabwino koposa ndi ina. Popeza m'akaunti muli K950,000 lero, apite onse awiri ku boma, wangongole asamutse K900,000 kulowetsa m'akaunti ya mlimiyo pa makina, ndipo K300,000 yotsalayo ailembere pangano la tsiku lodziwika, monga 30 Juni, mabelo obwezedwa aja atagulidwa. Panganolo litchule kuti K900,000 yalandiridwa ngati gawo la ngongole, osati ngati kutha kwa ngongole yonse, ndi kuti cheke chikhalabe kwa mlimi mpaka yotsalayo itaperekedwa. Mboni ziwiri zisayine. Ine ndiyesa kuti magawo atatu mwa anayi a ndalama olowa lero amaposa ndalama yathunthu yoyembekezeka mwezi wa mawa, pakuti m'nyengo ya msika ofuna ndalama zawo kwa mlimi wa fodya amakhala ambiri, ndipo amene afika mochedwa amapeza mbale yatsukidwa.

Zilipo zifukwa zina zolemera kuposa izi, zimene kudekha sikuzichiritsa. Mawu akuti "Payment stopped" atanthauza kuti wolembayo mwini wake wauza banki kuti isalipire, ndipo banki iyenera kumumvera. Mwina akuti chimanga chidali chofumbwa, kapena matumba adali osakwana makilogalamu 50. Mwina akungofuna kupeza nthawi. Kuimitsa cheke sikufafaniza ngongole, koma kumasonyeza kuti pali mkangano, ndipo kuchiperekanso n'kungotaya nthawi. Nkhani yotere ipite kwa akuluakulu, ikakanika ipite ku khoti la majisitireti ku Kasungu, kumene kalaliki amathandiza munthu kutenga samani, kapena ku khoti lalikulu ngati ndalamazo zapitirira malire a khoti laling'ono. Wosowa ndalama ya loya angathe kufunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Wolemba akamwalira cheke chisanalipidwe, mphamvu ya banki yolipira imatha pamene yamva za imfayo, ndipo akaunti imatsekedwa. Apa wolandira adikire maliro adutse monga mwa ulemu wathu, kenaka apereke chithunzi cha cheke ndi kalata kwa amene akuyendetsa chuma cha masiye, kapena ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma ngati chumacho chikudzera kumeneko, pakuti ngongole za womwalira zimayamba kubwezedwa chuma chisanagawidwe kwa ana ndi achibale. Kukhala chete chifukwa cha chisoni kufikira ng'ombe zitagawidwa ndi kudzilanga wekha.

Choopsa koposa ndi mawu akuti "Account closed", kapena uthenga wakuti cheke n'chobedwa kapena siginecha ndi yopeka. Munthu wolemba cheke pa akaunti imene adaitseka kale sadalakwitse masamu. Adadziwa kuyambira pachiyambi kuti pepalalo n'lachabe. Apa ndi pamene nkhani imachoka pa ngongole n'kukhala mlandu wotenga katundu wa mwini mwachinyengo, ndipo malo ake ndi ku polisi, msanga, ndi nambala ya galimoto imene idanyamula katundu ngati idalembedwa. Pa ngongole wamba apolisi si otolera ndalama, ndipo kuwagwiritsa ntchito poopseza mnansi amene fodya wake wangochedwa kumaononga chibale popanda kubweretsa tambala. Koma pa chinyengo chenicheni kuchedwa kwa tsiku limodzi kumapatsa wakuba mtunda wautali. Alimi a soya ndi mtedza, amene m'nyengo yokolola amachezeredwa ndi ogula achilendo, adziwe msampha uwu: mlendo amapempha nambala ya akaunti, nakaponyamo cheke chachabe, makamaka Lachisanu kapena tchuthi chitayandikira, uthenga wa pafoni umasonyeza kuti ndalama yalowa, lole imanyamula matumba usiku womwewo, ndipo pofika Lachitatu chiwerengero chija chafafanizidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katundu asakwere galimoto ya mlendo banki isananene kuti ndalamayo ingathe kutapidwa.

Pali chinthu china chimene chimagwera makamaka amalonda odziwika bwino ku nthambi yawo, amene banki imawalola kutapa cheke chisanatsimikizike. Chifundo chotere chili ndi mtengo wake. Munthu amene adali ndi K100,000 yakeyake, nasungitsa cheke cha K1,200,000, natapa K500,000 tsiku lotsatira, cheke chikabwezedwa amapezeka ali ndi ngongole ya K400,000 ku banki yake yomwe, ndipo chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa pa ngongoleyo ngakhale iye sadalakwire munthu. Banki ili ndi ufulu wochotsa ndalama imene idalemba mongoyembekezera. Wogwa m'dzenje limeneli akaonane ndi manijala asanaitanidwe, agwirizane za kabwezedwe, ndipo asunge sitetimenti yosonyeza zonse zimene wadulidwa, kuti adzaziphatikize pa zimene akufuna kwa wolemba cheke.

Zimachitikanso kuti cholakwa chili kwa banki yeniyeniyo: yabweza cheke chabwino m'akaunti muli ndalama, kapena yagwira ndalama masabata ambiri popanda kunena chifukwa. Cheke chikabwezedwa molakwika, woyenera kudandaula ndi wolembayo, pakuti pangano losweka ndi lake ndipo dzina lonyozeka ndi lake. Inu mumupemphe atenge kalata ya banki yovomera cholakwacho ndi kulipira mwa njira ina. Koma ndalama zikagwiridwa m'akaunti yanu, dandaulo ndi lanu: lilembedwe kwa manijala wa nthambi, musunge kope lodindidwa tsiku limene lalandiridwa, likapanda kuyankhidwa lipite ku likulu la bankiyo, ndipo likakanikanso kumeneko lipite ku Reserve Bank of Malawi, imene Gavanala wake, mwa lamulo la Financial Services Act la chaka cha 2010, ndiye woyang'anira mabungwe onse osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo imalandira madandaulo a anthu wamba.

Masiku a cheke akupita kumapeto m'maiko a kuno kwathu. Ku South Africa, kumene ana ambiri a ku Kasungu amagwira ntchito, mabanki adaleka kulandira macheke pa 31 Disembala 2020, ndipo kuno nakonso malipiro ambiri asamukira pa foni ndi pa makina a banki. Chotero amene ali ndi cheke chakale m'sutikesi, chobwezedwa kapena chosaperekedwa n'komwe, asaganize kuti chidzamudikira mpaka kalekale, komanso asachitaye poganiza kuti chatha ntchito. Akulu amati mlandu suola, koma ku khoti ngongole ili ndi msinkhu wake: lamulo la Limitation Act limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zoti munthu asumire pa ngongole ya pangano, ndipo zikadutsa wangongole angathe kukana kuyankha. Mlimi wathu wa matumba 60, ngati 30 Juni yadutsa K300,000 ija osaoneka, alembenso kalata imodzi yotsiriza msika wa fodya usanatsekedwe, pamene m'akaunti ya wangongole mukulowabe ndalama, ndipo masiku a m'kalatayo akatha atenge cheke, pangano la mboni ziwiri lija ndi kalata zonse ziwiri, apite nazo kwa kalaliki wa khoti.